Matumba awiri a ejenti wa Airtel Money ndi Mpamba

Ejenti amene amakhala pansi pa ambulera yofiira kapena yobiriwira pamsika wa Lunzu amasunga ndalama m'matumba awiri. Loyamba ndi kachikwama ka m'chiuno momwe muli makwacha ogwirika ndi manja. Lachiwiri lili m'foni mwake, ndipo a ntchitoyi amalitcha floti. Floti sapatsidwa ulere. Amachita kugula, kwacha pa kwacha, ndipo ndalama zenizenizo zimakasungidwa kubanki mu akaunti yapadera. Reserve Bank of Malawi ndiyo imaonetsetsa kuti ndalama zonse za m'mafoni zili ndi zinzake kubankiko.

Tinene kuti ejentiyu wayamba m'mawa ndi K200,000 m'chikwama ndi K300,000 ya floti. Mayi wogulitsa tomato abwera kudzaika K50,000. Ejenti awerenga ndalamazo, alemba nambala ya mayiyo, awafunsa ngati dzina latuluka pafoni ndi lawo, kenako atumiza. Chikwama chafika pa K250,000, floti yatsika kufika pa K250,000. Masana mlimi adzatapa K120,000 imene mwana wake wamutumizira kuchokera ku Lilongwe. Apa amene amatsimikiza ndi nambala yachinsinsi pafoni yake ndi mlimiyo, ndipo ndalama zimachoka kwa iye n'kulowa mu floti ya ejenti. Chikwama chatsala ndi K130,000, floti yakwera kufika pa K370,000. Kuphatikiza matumba onse, ikadali K500,000 yomwe ija. Phindu la ejenti ndi komishoni imene kampani imamulipira payokha.

Vuto ndi loti ndalama siziyenda mofanana mbali zonse. M'tauni oika amachuluka, ndiye floti imatha msanga. Kumudzi ambiri ndi otapa, makamaka kumapeto a mwezi, ndipo chikwama chimauma dzuwa lisanafike paliwombo. Ejenti akati "ndilibe kashi", kawirikawiri sakunama ayi: chuma chake chonse chasamukira m'foni. Kuti ayambirenso ayenera kupita kubanki kapena kwa ejenti wamkulu kukasinthitsa floti ndi makwacha. Kwa amene ali kutali ndi boma, ulendowu umadya ndalama ya kabaza, umatseketsa benchi theka la tsiku, komanso umamuika pachiopsezo cha akuba panjira. Anthu amenewa ndi amene amasenza mtolo wolemera wa ntchito yonseyi.

Mbava zinazindikira kuti anthu amakhulupirira uthenga wa pafoni, ndiye zimalemba wabodza wofanana ndi wa kampani. Wabodzawo umachokera pa nambala wamba, ndipo balansi sisintha. N'chifukwa chake ejenti wozolowera satulutsa ndalama asanaone kuti floti yake yakweradi. Woika ndalama naye asachoke pabenchipo asanayang'ane balansi yake, pa *211# ngati ndi Airtel Money kapena pa *444# ngati ndi Mpamba, ndipo nambala yachinsinsi azilemba yekha ngakhale ejentiyo atakhala wachibale.