Mawu oti "Zaulere" pa Chikwangwani

Mlonda wa ku Joni akaona chikwangwani choti "Tumizani kumudzi lero, zaulere", mtima umathamangira kwa mayi ake ku Mzimba. Olemba malonda otumizira ndalama amadziwa pogwira. Amajambula gogo akumwetulira ndi foni m'manja, natchula fizi ndi feteleza.

Koma kampani imadyera pawiri, pa chindapusa ndiponso posintha randi kukhala kwacha. Chindapusa akachotsa, phindu amalibisa pa mtengo wosinthirawo. Tiyerekeze kuti ena akupereka K100 pa randi, iwo K95. Mukatumiza R1,000, mayi aperewedwa K5,000 pa "zaulere" zomwezo. Kwa ine, malonda achilungamo ndi otchula ndalama zomwe zikafike m'manja. Musanapereke randi zanu, funsani kuti amayi akalandira makwacha angati.