Manambala odulidwa amene amaziziritsa mazira usiku

Mazira a nkhuku amafuna masiku 21 ndi kutentha kwa madigiri pafupifupi 37.5 kuti aswe bwino. Masiku ano munthu wodziwa zamagetsi amatha kudzipangira yekha makina ofungatira mazira: bokosi, hita, kafani, sensa yoyeza kutentha ndi kabolodi ka Arduino Uno. Masamu a kayendetsedwe ka hita amawayesa kaye pa kompyuta yaikulu, ndipo kumeneko zonse zimayenda bwino. Akawaika m'kabolodi, masana makina amachita zomwe anauzidwa, koma usiku kukazizira kutentha kumatsika kufika pa 36.7 n'kukhazikika pomwepo. Waya aliyense ali m'malo mwake, hita ndi yamoyo. Vuto lili m'kawerengedwe.

Ubongo wa Arduino Uno ndi kachipangizo kotchedwa ATmega328P, kamaikulokontirola ka mabiti 8. Biti ndi malo amodzi osungira 0 kapena 1, ndipo nambala iliyonse m'kachipangizoka imapatsidwa mabiti owerengeka. Zimene sizikukwana m'malowo zimadulidwa, osachenjeza aliyense.

Kudulako kumayambira poyeza. Sensa ya LM35 imatulutsa mamilivoliti 10 pa digiri iliyonse, ndiye pa madigiri 37.5 imatulutsa mamilivoliti 375. Gawo la kachipangizo lotchedwa ADC limasandutsa magetsi amenewa kukhala nambala ya mabiti 10, kuyambira 0 kulekeza 1023. Likamayeza pa mlingo wa mavoliti 5, sitepe imodzi imakhala mamilivoliti 4.88, omwe ndi pafupifupi theka la digiri. Madigiri 37.5 amagwera pa 76.8, nambala imene ADC singathe kuitchula. Imanena 76, womwe ndi madigiri 37.1, kapena 77, womwe ndi 37.6. Zapakati sizioneka.

Theka la digiri limaoneka laling'ono mpaka munthu ataona zimene limachita kwa hita. Mphamvu ya hita imayendetsedwa ndi lamulo la `analogWrite`, lomwe limalandira nambala kuyambira 0 kulekeza 255. Tinene kuti wopanga wafuna kuti hita iyake ndi mphamvu zonse kutentha kukaperewera ndi madigiri awiri. Ndiye kuti digiri imodzi ndi masitepe pafupifupi 128 a mphamvu, ndipo sitepe imodzi ya ADC imadumphitsa hita ndi masitepe 62, gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu yake yonse. Kutentha kukamasewera pamalire a 76 ndi 77, hita imangokwera ndi kutsika osapuma, chifukwa malo amene ikufuna kuima kulibe. Wina akawonjezera chigawo choyang'ana liwiro la kusintha kwa kutentha, zinthu zimaipiraipira, popeza kulumpha kulikonse kwa sitepe imodzi kumaoneka ngati kusintha kwadzidzidzi.

Mankhwala ake apa ndi otchipa. ATmega328P ili ndi mlingo wake wam'kati wa mavoliti 1.1, umene amausankha ndi `analogReference(INTERNAL)`. Pamenepo sitepe imodzi imatsika kufika pa madigiri 0.107, cholinga chija chimagwera pa 349, ndipo hita imadumpha ndi masitepe 14 okha m'malo mwa 62. Chokhacho n'chakuti mlingo wam'katiwo umasiyana pakati pa kachipangizo kena ndi kena, kuyambira mavoliti 1.0 mpaka 1.2, kotero makinawo ayenera kuyerekezedwa ndi themometa yodalirika mazira asanaikidwemo.

Koma kuzizira kwa usiku kuja sikuchokera ku ADC. Kumachokera m'kati mwa pulogalamu, ndipo ndi kumene kumapusitsa ngakhale anthu ophunzira bwino.

Pulogalamu yoyendetsa hita, ya mtundu wotchedwa PI, ili ndi zigawo ziwiri. Choyamba chimayang'ana kusiyana kwa kutentha kumene kulipo ndi kumene kukufunika, n'kuchulukitsa ndi 14 uja. Chachiwiri chimasonkhanitsa kusiyanako pang'onopang'ono, sekondi ndi sekondi, m'nambala imene tingaitche nkhokwe. Kutentha kukaperewera kwa nthawi yaitali, nkhokwe imakula ndipo hita imawonjezera moto mpaka kusiyanako kutheretu. Popanda chigawo chachiwirichi makina sangafike pa cholinga chenicheni, chifukwa chigawo choyamba chimapereka moto pokhapokha pali kuperewera.

Bokosi la mazira limatentha mochedwa, ndiye nkhokwe iyenera kudzaza modekha. Wopanga akasankha nthawi ya mphindi 10, omwe ndi masekondi 600, ndipo pulogalamu ikuwerenga kamodzi pa sekondi, nambala yochulukitsira imakhala 14 kugawa ndi 600, yomwe ndi 0.0233. Kachipangizoka kalibe gawo lochitira masamu a manambala okhala ndi kadontho. Njira yodziwika yozembera zimenezi ndi ya kadontho kosasuntha: nambala amaichulukitsa ndi 256 kuti ikhale yathunthu, amachita masamu, kenako amagawa ndi 256 pokankhira mabiti 8 kumanja. Motero 0.0233 amasanduka 6, ndipo mzere wake umalembedwa chonchi:

```
nkhokwe += (6 * kusiyana) >> 8;
```

Mzerewu umaoneka wopanda banga. Koma tiyeni tiuyese. Kusiyana kukakhala sitepe imodzi, 6 kugawa ndi 256 ndi 0.023, ndipo poti zotsala zimatayidwa, m'nkhokwe mumalowa 0. Kukakhala masitepe 10, mumalowa 0. Ngakhale pa 42 mumalowabe 0, chifukwa 252 sakwana 256. Nkhokwe imayamba kumva pa masitepe 43, omwe ndi madigiri 4.6. Zili ngati wogulitsa amene amafufuta matambala pa malonda aliwonse m'malo mowaphatikiza madzulo: tsiku likatha, ndalama zimene zikanakwana makwacha ambiri sizioneka m'buku.

Kumbali inayo n'koopsa kwambiri. Kutentha kukapitirira cholinga ndi sitepe imodzi, kusiyana kumakhala -1, ndipo kukankhira -6 kumanja sikupereka 0. Kumapereka -1, chifukwa pa kachipangizoka kukankha kotere kumagwetsera nambala pansi nthawi zonse. Nkhokwe imene inayenera kutsika ndi 0.023 imatsika ndi 1 wathunthu, kuwirikiza ka 43. Imadziwa kutsika msanga koma sidziwa kukwera.

Apa nkhani ya usiku yamveka. Masana kukatentha, bokosi limafuna moto wochepa, tinene masitepe 40, ndipo nkhokwe imatsika mosavuta kufika pamenepo. Usiku bokosi lomwelo limafuna 140. Nkhokwe yauma pa 40, ndiye masitepe 100 otsalawo ayenera kuchokera ku chigawo choyamba. Pa 14 sitepe iliyonse, pamafunika kuperewera kwa masitepe 7, pafupifupi madigiri 0.8. Makina amakhazikika pa 36.7 usiku wonse, ndipo mwini wake amangoganiza kuti hita ndi yaing'ono.

Kukonza kwake ndi kusataya zotsala. Nkhokwe isonkhanitse manambala osagawa, ndipo kugawa ndi 256 kuchitike pomaliza, potumiza mphamvu kwa hita. Koma wochita zimenezi mopupuluma amagwera m'dzenje lina. Pa Arduino Uno nambala ya mtundu wa `int` ili ndi mabiti 16, ndipo imalekeza pa 32767. Masitepe 140 kuchulukitsa ndi 256 ndi 35840. Nkhokwe ikangodutsa malirewo, kawirikawiri imatembenukira ku mbali ya -32768, hita imazima pa nthawi imene ikufunika kwambiri, ndipo kutentha kumagwa ndi madigiri pafupifupi awiri kenako n'kuyamba kukwera pang'onopang'ono, mpaka zitachitikanso. Kusefukira kwa nambala si vuto la amisiri ang'onoang'ono okha. Pa 4 Juni 1996 roketi ya Ariane 5 inasweka pasanathe mphindi imodzi itanyamuka ku Kourou, nambala ya mabiti 64 italephera kukwana m'malo a mabiti 16.

Nkhokwe ifunika malo a mabiti 32 ndi malire oikidwa dala:

```
long nkhokwe;

nkhokwe += 6L * kusiyana;
nkhokwe = constrain(nkhokwe, 0L, 255L * 256);
mphamvu = 14 * kusiyana + (nkhokwe >> 8);
analogWrite(9, constrain(mphamvu, 0, 255));
```

Mzere wa malirewo umathandizanso wina akatsegula chitseko kwa nthawi yaitali potembenuza mazira, chifukwa nkhokwe sidzaza kupitirira zimene hita ingathe kupereka.

Pali msampha winanso umene umakola anthu akhama. Wina amaganiza kuti kuwerenga kakhumi pa sekondi kuposa kuwerenga kamodzi. Akatero, nambala yochulukitsira imachepa kakhumi, kukhala 0.00233, ndipo kuchulukitsa ndi 256 kumapereka 0.6. Akadula zotsala imakhala 0, chigawo chachiwiri chafa. Akaikweza kukhala 1, yakula ndi magawo 67 pa 100 kuposa zimene anawerengera. Kuti apeze nambala yolondola ayenera kuchulukitsa ndi 65536, zomwe zimapereka 153, n'kukankha mabiti 16 pomaliza. Pulogalamu ikamawerenga mofulumira, mabiti ambiri amafunika, ndipo kwa bokosi lotentha mochedwa chonchi kufulumirako kulibe phindu lililonse.

Mavuto onsewa sawoneka pa kagalasi kosonyeza madigiri, koma amaonekera poyera munthu akatumiza manambala atatu ku kompyuta ndi `Serial.print`: zimene ADC yawerenga, nkhokwe, ndi mphamvu ya hita. ADC ikamangosinthana manambala awiri oyandikana hita ikudumpha kwambiri, masitepe oyezera ndi aakulu. Kusiyana kukakhalapo koma nkhokwe osasuntha, zotsala zikutayidwa. Nkhokwe ikachoka pa nambala yaikulu n'kugwera pansi pa 0 kamodzin'kamodzi, yasefukira. Kuyesaku kuchitike usiku wonse bokosi lili lopanda mazira, pakuti zina mwa zizindikirozi zimadikira kuzizira kwa m'bandakucha.

Wowerenga wodziwa mapulogalamu angafunse chifukwa chosangogwiritsa ntchito `float`, mtundu wa nambala umene umasuntha kadontho wokha. Kwa makina a mazira, funsolo ndi loona. Arduino Uno imatha kuchita masamu a `float` kudzera m'pulogalamu, mochedwerapo, koma kuwerenga kamodzi pa sekondi sikungailemetse, ndipo vuto la nkhokwe youma limatha. Kadontho kosasuntha kamafunika kumene masamu amabwerezedwa maulendo masauzande pa sekondi, monga poyendetsa liwiro la mota kapena m'chipangizo chotchajira batire ndi sola. Ngakhale kumeneko, `float` sabweza zimene ADC inataya poyeza. Amene akupanga makina ofungatira mazira ayambe ndi kukonza mlingo wa ADC, agwiritse ntchito `float` ngati akufuna, ndipo akasankha kadontho kosasuntha aike nkhokwe m'mabiti 32 ndi malire ake.