Kaundula wa m'foni amene sadikira netiweki

Tsiku la sikelo m'mudzi wakutali, mlangizi wa zaumoyo amayeza ana ambirimbiri n'kumalemba kulemera kwawo pafoni, chonsecho netiweki kulibe ndi pang'ono pomwe. Zolembazo sizitayika chifukwa pulogalamu yake imazisunga m'foni momwemo, ndipo nthawi zambiri chosungiracho ndi SQLite.

SQLite inalembedwa ndi D. Richard Hipp m'chaka cha 2000. Ndi yaulere, ndipo imapezeka kale m'foni za Android ndi iPhone. Siifuna seva kapena intaneti. Detabesi yonse ndi fayilo imodzi yokhala m'foni, ndipo wolemba pulogalamu amangoiuza mizati ya tebulo, monga momwe munthu amajambulira mizere m'kope la kaundula. Tebulo la sikelo likhoza kuyamba motere:

```sql
CREATE TABLE sikelo (
  id TEXT PRIMARY KEY,
  mwana TEXT NOT NULL,
  kg REAL,
  tsiku TEXT,
  yapita INTEGER DEFAULT 0
);
```

Mizati itatu yapakatiyo njosavuta kumva: mwana, kulemera kwake ndi tsiku. Nkhani yagona pa woyamba ndi womaliza.

Tiyambe ndi `id`, nambala yodziwira mzere uliwonse. Wophunzira kumene amalola SQLite kuwerenga yokha 1, 2, 3, ndipo foni ikakhala imodzi zonse zimayenda bwino. Koma tiyerekeze kuti alangizi ndi awiri, wina kutsidya lino la mtsinje, wina kutsidya lija. Aliyense ali ndi mzere wa nambala 17. Zonse zikafika ku seva, mwana wa makilogalamu 6.4 ndi wa 11.2 akulimbirana nambala imodzi, ndipo mmodzi adzafufutidwa kapena kukanidwa. N'chifukwa chake odziwa ntchito amagwiritsa ntchito UUID, mndandanda wa manambala ndi zilembo 32 umene foni imadzipangira yokha mwachisawawa. Ndi wosasangalatsa kuuwerenga, koma mwayi woti mafoni awiri apange wofanana ndi wochepa kwambiri moti palibe amene amauda nkhawa.

Mzati wa `yapita` ndiwo umayendetsa ntchito yotumiza. Mzere watsopano umayamba ndi 0. Mlangizi akafika pamsika pomwe netiweki imagwira, pulogalamu imatola mizere yosatumizidwa:

```sql
SELECT * FROM sikelo WHERE yapita = 0 LIMIT 50;
```

Imatola 50 yokha panthawi imodzi kuti netiweki ikaduka, chobwereza chikhale chochepa ndipo bandulo isathe pachabe. Lamulo lake ndi lakuti 0 asanduke 1 pokhapokha seva itayankha kuti yalandira. Pulogalamu yothamangira kulemba 1 ikangotumiza imataya zinthu mwakachetechete: foni imati zapita, ku ofesi kulibe, ndipo palibe amene akudziwa mpaka tsiku la lipoti.

Ngakhale lamulolo litatsatidwa, msampha wina ulipo. Seva yalandira mizere 50 ija n'kuisunga, koma yankho lake lathera m'njira chifukwa minibasi yatsikira kuchigwa. Foni ikuonabe 0, choncho mawa itumizanso yomweyo. Seva yosakonzekera idzalemba ana 100 pamene anayezedwa ndi 50, ndipo mudzi udzaoneka ngati wachulukana usiku umodzi. Apa UUID ija imapulumutsanso. Seva ikaona `id` yomwe ili nayo kale, siwonjezera mzere wina, imangoyankha kuti yalandira.

Nanga mlangizi akazindikira kuti analemba 46 m'malo mwa 4.6? Pulogalamu ikonze mzerewo n'kubweza `yapita` pa 0, ndipo seva ilandire kukonzako, osati kukutaya poganiza kuti ndi mzere wobwereza. Zimavuta ngati wa ku ofesi nayenso wakonza mzere womwewo. Ambiri amati womaliza kulemba ndiye wapambana, koma wotchi ya foni siyodalirika kwenikweni, popeza aliyense akhoza kuisintha. Njira yabwinoko ndi yoti mzere uliwonse ukhale ndi nambala yokwera nthawi iliyonse ukakonzedwa, kuti seva izindikire kuti anthu awiri agwira malo amodzi, munthu aweruze.

Fayilo imodzi ija ilinso ndi kuipa kwake. Foni ikabedwa, ikagwera m'madzi, kapena mwana akachotsa pulogalamuyo kuti apeze malo a mavidiyo, zonse zosatumizidwa zapita. Komanso SQLite wamba sabisa zimene wasunga, motero za umoyo wa anthu zimafuna mtundu wotseka ndi kiyi, monga SQLCipher.

Bungwe lomwe likugula pulogalamu yotere liiyese lisanapereke ndalama. Lizimitse intaneti, lilembe mizere 20, liyambe kutumiza, lidule netiweki pakati, kenako litumizenso. Ku seva kupezeke mizere 20, ndipo foni ionetse poyera kuti yotsala ndi 0.