Kuthetsa kulira kwa sipika ya karaoke

Sipika imalira mobaya m'makutu pamene maikolofoni yatola mawu ochokera m'sipikamo, n'kuwabwezera komweko mobwerezabwereza, nthawi iliyonse akukulirakulira. Choncho mankhwala oyamba ndi malo: sipika iikidwe kutsogolo kwa oimba, itayang'ana omvera, ndipo maikolofoni isaloze kumaso kwake.

Asanayatse, munthu atsitsiretu MIC VOL ndi ECHO. Akayatsa sipika ndi maikolofoni opanda waya okhala ndi mabatire amphamvu, akweze MIC VOL pang'onopang'ono wina akuimba. Kaphokoso kakangoyamba, abweze pang'ono. Malire ndi amenewo. Kulira kukapitirira, achepetse TREBLE.

Woimba asendeze maikolofoni kukamwa, koma asaphimbe mutu wake ndi dzanja, chifukwa kutero kumaichititsa kutola mawu kumbali zonse. Maikolofoni yongokhala izimitsidwe.