Mwana akayankha kuti 42 − 17 ndi 35

Mwana wa Sitandade 2 akapatsidwa 42 − 17 n'kuyankha kuti 35, sikuti wangolota. Wachotsa 1 pa 4 napeza 3, kenaka ataona kuti 7 sangachoke pa 2, watembenuza nachotsa 2 pa 7. Ali ndi lamulo lake lomwe wadzipangira: yaing'ono imachoka pa yaikulu. Jean Piaget wa ku Switzerland anaphunzitsa kuti umu ndi mmene nzeru zimakulira. Mwana amadzimangira yekha kumvetsa kwake pa zomwe akudziwa kale, ndipo sasiya lamulo lake mpaka ataliona likulephera. Lev Vygotsky wa ku Russia anaonjeza kuti pali ntchito zina zomwe mwana sangathe yekha koma angathe wina akamuthandiza pang'ono, ndipo phunziro liyenera kulunjika pamenepo.

Choncho ntchito ya m'kalasi iyenera kuchita zinthu ziwiri: kutulutsira poyera zomwe mwana akuganiza, ndi kumukumanitsa ndi chinthu chomwe chingatsutse ganizolo.

Ku Singapore amadzera m'manja. Kuyambira zaka za m'ma 1980, masamu kumeneko amatsata mfundo ya Jerome Bruner wa ku America: mwana agwire kaye zinthu, kenaka aone kapena ajambule zithunzi, manambala abwere pomaliza. Kwathu kuno njirayi si yachilendo, poti aphunzitsi amalimbikitsidwa kugwiritsa ntchito zipangizo zopezeka m'dera lawo. Mwana atenge mitolo inayi ya timitengo khumikhumi ndi timitengo tiwiri tapadera, ndiye achotse 17. Tiwiri tija sitikwana, ndipo palibe chotembenuza. Akakamizika kumasula mtolo umodzi, akhala ndi mitolo itatu ndi timitengo 12. Akachotsa mtolo umodzi ndi timitengo 7, patsala mitolo iwiri ndi timitengo 5. Mawu oti "tibwereke" tsopano ali ndi tanthauzo. Koma timitengo tikaperekedwa tosamanga, mwana amangowerenga kamodzikamodzi, yankho n'kulipeza, za makumi osaphunzirapo kanthu.

Ku Japan amadzera pa bolodi. Mphunzitsi amapereka funso limodzi osaonetsa njira. Ana amalimbana nalo aliyense payekha, iye akuyendayenda kuona njira zomwe zikutuluka, n'kusankha zingapo zoti zilembedwe pa bolodi motsatana. Pa funso lathuli, wina angawerenge ngati wobweza chenji pamsika: kuchoka pa 17 kufika pa 20 ndi 3, kufika pa 42 ndi 22, zonse 25. Wina angachotse 20 n'kubwezera 3. Yankho la 35 nalo lingalembedwe, kalasi n'kuliyesa: 35 kuphatikiza 17 ndi 52, osati 42. Bolodi silifufutidwa mpaka phunziro litatha, kuti ana afanizire njirazo, ndipo mphunzitsi ndiye amamanga mfundo pomaliza.

Ku Malawi, maphunziro atsopano a pulayimale omwe anayamba mu 2007, okonzedwa ndi Malawi Institute of Education ku Domasi, anaika mwana patsogolo. Koma chiyambire sukulu yaulere mu 1994, m'makalasi ambiri oyambirira ana amadzaza mpaka kupitirira 100. M'malo otere mfundo yonse imasanduka mawu amodzi: "Khalani m'magulu." Gulu likakhala la ana khumi ndi awiri, wanzeru mmodzi amalemba, ena akuonerera. Mlembi akawerenga yankho, onse amaomba m'manja, ndipo uja wa 35 amabwerera kwawo ndi lamulo lake losakhudzidwa. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: mawa lake mpatseni 53 − 28, ayankhanso 35.

Makalasi a ku Japan safika pa athuwa, komabe njira yawo imatiyenera kuposa magulu aakulu, chifukwa imafuna choko, bolodi ndi funso losankhidwa bwino. Ana angayambe payekhapayekha, akambirane awiriawiri pomwe akhalapo, kenaka atatu apite kutsogolo. Chovuta n'choti mwana sangaonetse kulakwa kwake ngati anzake amuseka kapena mphunzitsi amukalipira.

Njirayi ili ndi malire. Mu 2006 Kirschner, Sweller ndi Clark anachenjeza kuti ongoyamba kumene amasokonezeka akasiyidwa popanda chitsogozo chokwanira. Mwana sangatulukire yekha kuti 4 wa mu 42 akuimira makumi anayi, chifukwa limenelo ndi pangano la anthu, loyenera kuuzidwa. Mphunzitsi pokonzekera phunziro alekanitse zoti anene yekha ndi zoti ana alimbane nazo, ndipo alembe pasadakhale mayankho olakwika omwe akuyembekezera. Akasankha 47 − 12, lamulo lolakwika lija lipereka yankho lokhoza ndipo libisala. Akasankha 42 − 17, lionekera.