Kasitomala amayamba wafunsa za vuto lake

Tiyerekeze mayi wina wowerengera ndalama amene wagwira ntchito zaka 12 pakampani ina ku Blantyre, ndipo tsopano wayamba kudziimira payekha ngati mlangizi wa zamisonkho. Pa LinkedIn, m'gawo lotchedwa `About`, mawu ake akadali omwe aja ankafunira ntchito: "Ndine wakhama, ndili ndi ACCA, ndimagwirizana bwino ndi anzanga, ndipo ndikufuna malo oti ndikulitsepo luso langa."

Mawuwa angamukomere bwana wolemba ntchito, chifukwa iye amafuna kudziwa komwe munthu wachokera ndi momwe angakhalire mu ofesi. Koma mwini golosale wa ku Limbe, yemwe walipitsidwa chindapusa kawiri kamba kochedwa kupereka lipoti la msonkho, alibe ofesi yoti amukhazikemo. Akamva zoti mayiyu akufuna kukulitsa luso, amaganiza kuti adzaphunzirira pa ndalama zake.

Pokonzanso, mayiyu ayambire pa mizere yoyambirira, pakuti ngakhale gawoli limalola zilembo 2,600, wowerenga amangoona mizere itatu kapena inayi pokhapokha atadina kuti aone zotsala. Mizere imeneyo itchule munthu amene akuthandizidwa ndi chomwe chikumusowetsa tulo:

"Ndimathandiza eni mashopu ndi makontirakitala ang'onoang'ono amene malisiti awo amangowunjikana m'katoni. Ndimalongosola mabuku anu mwezi ndi mwezi, n'kutumiza lipoti lanu ku MRA tsiku lake lisanadutse."

Katoni ya malisitiyo ndiyo nyambo, chifukwa mwini shopu amaidziwa pomwe ili kuseri kwa kauntala. Potchula anthu amenewa, makampani akuluakulu angamulambalale, koma n'chabwino kutero kusiyana ndi kulonjeza aliyense chilichonse popanda wodzimva kuti akunenedwa ndi iyeyo.

Zaka 12 zija ndi ACCA zisatayidwe. Zitsike m'munsi kuti zikhale umboni. M'malo mondandalika maudindo, anene zimene zidasintha m'manja mwake, monga kuti mabuku omwe ankatsekedwa patatha milungu itatu adayamba kutsekedwa m'masiku asanu. Nambala yotere ikhale yoona, ndipo dzina la kasitomala lisatuluke mwiniwake asanavomere, poti wogwira ndalama za anthu amadyera kusunga chinsinsi.

Kumapeto achotse mawu oti ali wokonzeka kulembedwa ntchito, alembe chomwe wowerenga achite: "Nditumizireni uthenga, tikambirane kwa mphindi 20, ndikuuzeni ngati vuto lanu lili m'gulu la zomwe ndimakonza."

Kuti adziwe ngati zatheka, aone amene akumulembera uthenga. Ngati akadali ofunsa CV ndi malipiro a pamwezi, ndiye kuti mawu akale akadalipo penapake. Akayamba kulandira mafunso oti "mumatchaja zingati?", mawu ake afika kwa mwini katoni uja.