Chipinda Munasungitsa, Koma Hotela Yadzaza

Woyang'anira usiku pa hotela iliyonse amadziwa kuti tsiku lina adzaimirira pamaso pa munthu amene wayenda ulendo wautali, amene ali ndi umboni wonse woti anasungitsa chipinda, n'kumuuza kuti chipindacho palibe. Izi zimachitika ku London, ku Johannesburg, ndipo zimachitikanso ku Lilongwe sabata imene kuli msonkhano waukulu, kapena ku Mangochi nyengo ya Khrisimasi. Mlendo amadabwa kuti hotela yonseyi ingalephere bwanji kuwerenga zipinda zake zomwe. Kawirikawiri sikuti yalephera kuwerenga. Inadziwa zimene ikuchita, koma zimene inkayembekezera sizinachitike.

Chipinda cha hotela sichili ngati thumba la chimanga loti ukapanda kugulitsa lero udzagulitsa mawa. Usiku ukapita chipinda chili chopanda munthu, ndalama ya usikuwo yapita basi. Pa anthu amene amasungitsa malo, ena safika ndipo saimba n'komwe foni. Choncho mahotela ambiri amalandira dala maina oposa zipinda zimene ali nazo, powerengera kuti ena sabwera. Makampani a ndege amachitanso zomwezo. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Ulaya lamulo la 2004 limakakamiza kampani ya ndege kulipira munthu amene yamukaniza kukwera chifukwa chodzaza, ndalama zoyambira mayuro 250 mpaka 600 malinga ndi kutalika kwa ulendo, pamene kwa mahotela kulibe lamulo lotchula ndalama mwa mtundu umenewo. Chimene chimateteza mlendo ndi pangano limene anachita posungitsa chipinda, malamulo oteteza ogula, ndi mwambo wa ntchitoyi.

Tiyerekeze ndi hotela ya zipinda 80. Usiku wa dzulo munagona alendo m'zipinda 62, ndipo 30 mwa izo zikuyenera kutsala zopanda anthu lero m'mawa. Ndiye kuti zipinda 32 zikhalabe ndi eni ake, ndipo 48 n'zogulitsa. Manijala walandira maina 51, popeza mabuku ake akusonyeza kuti pa tsiku ngati limeneli anthu atatu kapena anayi safika. Mpaka apa zonse zili bwino. Koma pofika masana alendo awiri anena kuti msonkhano wawo sunathe, agonanso. M'chipinda china paipi yaphulika, madzi ali mbwee pansi. Zipinda zogulitsa zatsala 45, maina akadali 51. Ngakhale anayi aja atapanda kubwera, anthu awiri alibe pogona. Palinso njira ina imene vutoli limalowera masiku ano: chipinda chimodzi chagulitsidwa pa Booking.com, ndipo pa nthawi yomweyo wa pa risepishoni wachilonjeza kwa munthu wina pa foni, asanachichotse pa intaneti. Malo ogona aang'ono amene amalembabe maina m'kabuku ndiwo amagwa kawirikawiri m'mbuna imeneyi.

Chachikulu pa chitsanzochi ndi nthawi. Manijala anadziwa za vutoli masana. Ngati mlendo akufika 10 koloko usiku n'kupeza wa pa risepishoni akungoyamba kumene kuimbira mahotela ena, kulakwa kwenikweni kuli pa maola onse aja amene anadutsa popanda kukonza kanthu. Ine ndimaona kuti kupepesa kwa hotela kumayamba masana amenewo, mlendo asanadziwe n'komwe kuti pali vuto. Wodziwa ntchito amaimbira anthu onse amene sanatsimikize kubwera kwawo kuti adziwe amene akubweradi. Amayang'ana ngati dzina limodzi silinalembedwe kawiri. Amasiyanitsa amene analipiratu kapena kupereka nambala ya khadi ndi amene anangonena pakamwa, chifukwa mahotela ambiri amasunga chipinda chosalipiridwa mpaka 6 koloko madzulo basi, bola ngati anamuuziratu mlendoyo. Kenako amagwira zipinda ziwiri kapena zitatu ku hotela ina yapafupi, ya mlingo wofanana kapena woposerapo, kuti zikhale chire.

Pamenepo pamabwera funso lovuta: asamuke ndani? Njira yaulesi ndiyo kusiya kuti tsoka ligwere wofika mochedwa. Koma wofika mochedwa ndiye wotopa kwambiri, ndipo angakhale mayi amene ali yekha, banja la ana aang'ono, gogo, kapena munthu woyenda pa njinga ya olumala amene anasankha hotelayi chifukwa ilibe masitepe. Anthu otere sayenera kutumizidwa kwina pakati pa usiku. Sibwinonso kupatula munthu mmodzi pa gulu la msonkhano umene ukuyamba m'mawa mu holo ya hotela yomweyo. Wosavuta kusamutsa ndi amene akugona usiku umodzi wokha, wabwera pa galimoto yake, ndipo wafika kukadali kowala. Ukamufotokozera munthu wotere 4 koloko masana kuti pali chipinda chabwino kwina ndipo salipira kanthu, ena amavomera mokondwa. Zikatere chipinda chake chimadikira uja adzafike usiku. Ndi bwinonso kuimbira mlendo akadali m'njira, kuti alunjike kumene akagone m'malo motsitsa katundu kawiri.

Nthawi yolankhula ikafika, alankhule ndi manijala kapena wamkulu amene alipo, osati kukankhira mtsikana amene wangoyamba ntchito. Amutengere mlendoyo pambali, amupatse mpando ndi madzi, osamuuza nkhaniyi pa mzere anthu akumvetsera. Mawu ake angakhale otere: "Bambo, pepani kwambiri. Munasungitsa chipinda, ndipo zonse munachita bwino, koma ife talephera kukusungirani. Kulakwa n'kwathu. Takupezerani chipinda ku hotela ina, ulendo wa mphindi khumi kuchokera pano. Usiku wa lero tilipira ndife, pamodzi ndi kadzutsa. Galimoto yathu ili panja ikuperekezani, ndipo mawa idzakutengani nthawi imene munene. Chipinda chanu kuno chidzakhala chokonzeka."

M'mawu amenewa mulibe kunamizira kompyuta, mulibe kuloza chala mnzake wa masana, ndiponso mulibe kufunsa mlendo ngati ali ndi chitsimikizo kuti anasungitsadi. Bodza ndi loopsa kuposa zonse. Ena amati chipinda chawonongeka pamene zoona zake n'zakuti anachigulitsa kwa wina, ndipo mlendo akabwerera mawa amamva zoona kwa woyeretsa m'zipinda. Kupepesa kukhale kamodzi, komveka, kenako zochita zitsatire. Munthu wotopa akamva "pepani" kasanu popanda kuuzidwa kumene akagone, mkwiyo wake umangokula.

Zimene hotela ikulonjeza zilembedwe, ndipo apa ndi pamene zinthu zimasokonekera kawirikawiri. Mlendo amanyamula kalata yopita ku hotela inayo, yokhala ndi dzina lake, tsiku, mtundu wa chipinda, dzina la amene wavomera kumulandira kumeneko, ndi siginecha ya manijala. Kalatayo inene momveka zimene hotela yoyamba ilipire, zomwe kawirikawiri ndi chipinda, misonkho yake ndi kadzutsa, komanso zimene mlendo alipire yekha, monga zakumwa za ku bala ndi kuchapitsa zovala. Popanda kalata imeneyi, mlendo amafika uko n'kuuzidwa kuti alipire kaye, kapena amatsekerezedwa m'mawa potuluka ndi bilu imene ankaganiza kuti si yake. Kupepesa konse kwa dzulo kumathera pomwepo.

Nkhani ya ndalama ifunika kuimvetsa. Mwambo wa mahotela akuluakulu ndi wakuti usiku umene wasamutsidwa sulipira, ndipo makampani ena anachita kulemba lonjezoli. Marriott, mwachitsanzo, imalonjeza mamembala ake a m'magulu apamwamba kuti ikalephera kuwapatsa chipinda imawalipirira ku hotela yapafupi n'kuwapatsanso chipukutamisozi. Malo ogona aang'ono sangakwanitse zonsezo nthawi zonse, koma pali malire amene sayenera kutsikirapo. Tinene kuti mlendo analipiratu K150,000 kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo chipinda chimene chapezeka kwina ndi cha K180,000. K30,000 yapamwambayo ndi ya hotela imene yalakwa, pamodzi ndi ya takisi. Chipinda cha uko chikakhala chotsika mtengo, mlendo abwezeredwe yotsalayo. Ndipo akasankha kudzipezera yekha malo, ndalama yake yonse ibwezedwe popanda kumuuza kuti adikire akauntanti abwere Lolemba. Kwa wogwira ntchito amene watumidwa ndi ofesi palinso nkhani ya lisiti: akabwerera ayenera kusonyeza mmene ndalama inayendera, choncho agwirizane usiku womwewo kuti lisiti ichokera ku hotela iti ndipo ilembedwa ndalama zingati.

Zonsezi n'zosavuta m'tauni mmene mahotela ayandikana. Kunyanja kapena pafupi ndi malo osungira nyama, malo ena ofanana angakhale kutali kwambiri, msewu wake wafumbi, ndipo pa tchuthi nawonso amakhala odzaza. Kumalo otere kulandira dala maina oposa zipinda n'kusasamala, chifukwa lonjezo la kusamutsa mlendo silingakwaniritsidwe. Manijala wa kumeneko ayenera kudalira dipoziti ndi kuimba foni kutatsala tsiku limodzi, osati kuwerengera kuti ena sabwera.

Nanga inu mukakhala mlendoyo? Sonyezani uthenga wotsimikizira kapena umboni wa malipiro, ndipo pemphani kulankhula ndi wamkulu. Musanakwere galimoto funsani dzina la hotela, mtunda wake, amene alipire, ndi ngati chipinda chanu chidzakhalapo mawa, ndipo zonsezo zikhale papepala. Imbani nokha kumeneko mumve kuti akukudikirani. Ngati munasungitsa kudzera pa intaneti, musavomere kufafaniza nokha dzina lanu pa foni, ngakhale a pa risepishoni atakupemphani, chifukwa zidzaoneka ngati mwasintha maganizo ndinu ndipo mungadulidwe ndalama. Adziwitseni a kampani imene munasungitsira kuti hotela ndiyo yalephera. Hotela ikakana kubweza ndalama zanu, ku Malawi bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, ndipo mapepala aja ndiwo adzakhale umboni wanu.

Tsiku lotsatira ntchito imakhala isanathe. Galimoto ifike pa nthawi imene anagwirizana. Dzina la mlendo lilembedwe poonekera kuti aliyense wa pa risepishoni alidziwe, chipinda chake chikhale choyamba kukonzedwa, ndipo ngati chilipo chapamwamba kuposa chimene anasungitsa apatsidwe chimenecho pa mtengo wakale. Manijala amulandire yekha, amufunse mmene anagonera, ndipo m'chipindamo apeze kakalata kachidule kopepesa kosainidwa ndi dzanja. Mahotela osamala amalembanso m'mabuku awo kuti munthu uyu anasamutsidwapo, kuti tsiku lina zipinda zikadzachepanso dzina lake lisadzakhale pakati pa osamutsidwa. Ndipo mlendo akanena kuti wakonda kumene anagona ndipo akufuna kumalizira masiku ake komweko, amulole, n'kumubwezera ndalama ya masiku otsalawo popanda kumudula kanthu.